Mmene ndinatayira ndalama za mpunga pansi pa zigwa ziwiri zofanana

Ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndimakaupikula ku Lifuwu, nthawi zina ku Nkhotakota, ndipo ndi umene wakhala ukudyetsa banja langa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona mpamba wanga ukuchepa uli m'manja, ndiye ndinayamba kulakalaka ndalama yobwera m'madola. N'chimene chinandikokera ku malonda a foreksi a pa foni, ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene ayamba kumva mawu akuti likwiditi swipu ndi sitopu hanti, onena za mtengo wopyola malo amene anthu ambiri aika maoda awo n'kubwerera, m'magulu a pa WhatsApp, n'kumaganiza kuti apeza chinsinsi cha msika. Zinthuzi zilipodi ndipo zimaoneka pa tchati. Koma ndalama zambiri ndinazitaya nditazidziwa kale, osati ndisanazidziwe.

Ndinayamba ndi maphunziro a pa foni kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe, amene ndinamulipira K150,000. Anatiphunzitsa kujambula mizere. Mtengo ukatsika kufika malo ena n'kubwerera m'mwamba, kenako n'kutsikanso kufika pomwepo n'kubwereranso, ankati pamenepo pali khoma lolimba: gulani pamwamba pake, sitopu losi, imene ndi oda yotseka malonda mtengo ukakutembenukirani, muike pansi pake pang'ono. Mtengo ukakwera kawiri kufika nsonga imodzimodzi, gulitsani, sitopu losi muike pamwamba pake pang'ono. Zinkamveka zanzeru, ndipo tonse m'gulu lija tinkachita zomwezo, pa tchati chimodzi, nthawi imodzi. Ndinatsegula akaunti ndi madola 300. Madolawo ndinawapeza pa mtengo wokwera kuposa wa kubanki, kotero ndinali nditaluza kale ndisanadine batani lililonse. Amene mukuyamba, ndalama imeneyi muiwerengere ngati gawo la mtengo wa malondawa, pamodzi ndi mabando a intaneti.

Malonda amene sindidzawaiwala anali pa EURUSD, mtengo wa yuro m'madola. Pa tchati cha H1, choonetsa kayendedwe ka mtengo ola ndi ola, Lachiwiri mtengo unatsika kufika 1.0820 n'kubwerera. Lachitatu unatsikanso kufika 1.0821 n'kubwereranso. Zigwa ziwiri zofanana, zooneka bwino ngati zojambulidwa ndi rula. Lachinayi m'mawa, cha m'ma 8:30, ndili pa benchi ndikuyeza mpunga, ndinagula pa 1.0834 ndi loti ya 0.15, loti kukhala muyeso wa kukula kwa malonda. Pa EURUSD loti imeneyi imapereka kapena kulanda dola imodzi ndi theka pa pipi iliyonse, ndiko kusuntha kwa mtengo ndi 0.0001. Sitopu losi ndinaiika pa 1.0814, mapipi 6 pansi pa zigwazo ndi mapipi 20 kuchokera pamene ndinagulira. Ndiye kuti ndinaika pachiswe madola 30, gawo limodzi mwa magawo khumi a akaunti yonse, pa malonda amodzi.

Itangokwana 9 koloko, nthawi imene msika wa ku London umatsegulidwa m'miyezi imeneyo, mtengo unagwa mwaliwiro. Unapyola zigwa zija, unafika 1.0806. Foni inalira. Malonda anga anali atatsekedwa, ndipo sanatsekedwe pa 1.0814 pamene ndinalemba koma pa 1.0812, chifukwa mtengo ukamathamanga sitopu losi imagwira pa mtengo woyamba umene wapezeka. Ndinataya madola 33. Pofika 9:30 kandulo ya M15, chizindikiro cha pa tchati choonetsa kayendedwe ka mtengo m'mphindi 15, inatseka pa 1.0825, pamwamba pa zigwa zomwe zija, itasiya mchira wautali pansi. Masana mtengo unali pa 1.0885. Ndinali ndaganiza bwino za kumene msika ukupita, koma unapita ine kulibe.

Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene thumba la mpunga linanyowa pa matola. Zinachitikanso kangapo m'masabata otsatira, pansi pa zigwa ndi pamwamba pa nsonga, mpaka ndinatsimikiza mumtima kuti bulokala wanga, amene ndinatsegula akaunti kwa iye, amaona sitopu losi yanga ndipo amakankha mtengo dala kuti andidyere. M'gulu lathu aliyense ankalankhula zomwezo. Ndinamulembera bulokalayo uthenga waukali, anandiyankha patapita masiku kuti mtengo unali wa msika, basi.

Amene anandikhazika pansi ndi alamu anga a ku Senga Bay, amene anagwirapo ntchito kubanki asanapume. Ndinawapititsira mpunga Loweruka lina n'kuwaonetsa foni.

“Alamu, tatsegulani tchati chomwechi kwina, osati cha bulokala wanuyu,” anatero.

Tinatsegula EURUSD pa TradingView, pamene mungaone mitengo yochokera kumakampani osiyanasiyana. Mchira uja unali paliponse, kusiyana kwake pipi imodzi kapena awiri.

“Mwaona? Madola anu 33 palibe amene anawathamangira. Msikawu umagulitsa madola oposa 7 thililiyoni pa tsiku. Vuto n'loti munakaima pamene paima khamu lonse.”

Kuyesa kumeneku ndikanakudziwa poyamba, sindikanataya masabata ndikukwiyira munthu wolakwika. Mchira ukaoneka kwa bulokala wanu yekha, kwina konse kulibe, pamenepo muli ndi chifukwa chodandaulira ndiponso chochotsera ndalama zanu. Ukaoneka paliponse, ndi msika.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo, n'zimene ndinadzawerenganso pambuyo pake kwa ochita malonda poyang'ana kayendedwe ka mtengo. Sitopu losi ya munthu amene wagula, kwenikweni ndi oda yogulitsa imene ikudikira. Mtengo ukaikhudza, imagulitsa pa mtengo uliwonse umene ulipo. Zigwa ziwiri zofanana zimaonedwa ndi aliyense padziko lonse, ndipo onse amene anagula pamwamba pake amaika maoda awo ogulitsa pansi pake pang'ono, monga ndinachitira ine. Pamalo omwewo palinso gulu lina, la anthu amene akudikira kuti khomalo likagumuka agulitse, ndipo aikapo ma Sell Stop awo. Magulu awiriwa amaganiza zosiyana, koma maoda awo onse ndi ogulitsa, ndipo aunjikana m'mapipi ochepa. Mulu umenewu ndi umene amautcha likwiditi.

Tsono ganizirani wogula wamkulu, banki kapena kampani yosunga ndalama za anthu, amene akufuna mayuro mamiliyoni ambiri. Alamu anandipatsa chitsanzo cha ntchito yanga yomwe. Munthu wobwera ndi lole ya matani 30 sangaidzaze pa benchi yanga popanda kukweza mtengo wa mpunga msika wonse. Amapita kumene alimi ambiri akukakamizika kugulitsa tsiku limodzi, nthawi yokolola fizi ya ana ikufunika. Wogula mayuro wamkulu nayenso amapeza omugulitsa ambiri nthawi imodzi pansi pa zigwa zofanana. Mtengo ukangopyola, masitopu oyamba amagulitsa, kugulitsako kumatsitsa mtengo kufika pa masitopu otsatira, ndipo n'chifukwa chake kugwako kumakhala kwaliwiro. Ngati pali wogula wamkulu amene akumeza zonsezo, maoda ogulitsa amatha, mtengo n'kubwerera m'mwamba. Aja anagulitsa poganiza kuti khoma lagumuka amapezeka atsekeredwa, ndipo kuti atuluke ayenera kugula, kugula kwawoko n'kukankhiranso mtengo m'mwamba. Pa nsonga zofanana zonse zimachitika chimodzimodzi mozondoka: pamwamba pake pamaunjikana maoda ogula.

Izi si nthano za m'magulu chabe. Katswiri wa zachuma Carol Osler anafufuza maoda enieni a makasitomala a banki ina yaikulu, ndipo mu 2003 anasindikiza zimene anapeza: masitopu losi amaunjikana kungopyola pang'ono manambala athunthu, monga othera ndi 00, ndipo mtengo ukafika pamenepo umathamanga. Mu Novembala 2014 bungwe loyang'anira zachuma ku Britain linalipiritsa mabanki asanu akuluakulu mapaundi 1.1 biliyoni pa zolakwa za pa msika wa foreksi, ndipo zina mwa zolakwazo zinali kuyesa kugunda dala masitopu losi a makasitomala awo. Kusaka masitopu kunachitikapodi. Koma makasitomala amenewo anali a maoda akuluakulu, ndipo ife a pa foni tilibe njira yoonera amene wagula kapena wagulitsa, popeza foreksi ilibe buku limodzi la maoda onse. Tikamati msika wasesa masitopu, tikumasulira mchira wa kandulo. Sitinaone dzanja la munthu aliyense.

Mfundo yomalizayi alamu anainena, koma ine sindinaimvetse. Ndinachoka ku Senga Bay ndili ndi chimwemwe choopsa. Ndinkadziona ngati ndalowa m'gulu la odziwa. Ndinaganiza kuti ngati akuluakulu amagula pansi pa zigwa, inenso ndizigula pomwepo. Ndinayamba kuika Buy Limit, oda yodikira kugula mtengo ukatsika, mapipi 10 pansi pa zigwa zofanana, ndipo poti sitopu losi ndi imene inkandipweteka, ndinasiya kuiika. Maulendo oyamba zinayenda, akaunti inayamba kubwerera. Ndinauza mayi a kunyumba kuti atenge ngongole ku banki m'khonde kwawo kuti ndiwonjezere mpamba. Anandifunsa kuti, “Bambo, ndalama ya azimayi anzanga imeneyi, mukutsimikiza?” Ndinati ndikutsimikiza. Akaunti inafika madola 350.

Linali Lachisanu loyamba la mwezi, tsiku limene dziko la Amereka kawirikawiri limatulutsa chiwerengero cha ntchito. Panali zigwa ziwiri zofanana pa 1.0760. Ndinaika Buy Limit pa 1.0750 ndi loti ya 0.20, madola awiri pa pipi. Nthawi ya 2:30 masana chiwerengero chinatuluka, dola inalimba, mtengo unagwa n'kutenga oda yanga, n'kupitirira mpaka 1.0735. Ndinadziuza kuti akungosesa. Kandulo ya M15 inatseka pansi pa 1.0760, yathupi lalikulu, yopanda mchira woti n'kuutchula. Yachiwiri inatsekanso pansi. Kenako mtengo unakwera pang'onopang'ono kufika 1.0757, pafupi ndi khoma lakale, n'kulephera kulipyola. Pamenepo ndinali ndi phindu la mapipi 7 ndipo khomo lotulukira linali lotseguka. Sindinatuluke, chifukwa ndinkayembekezera mtengo uuluke monga tsiku lija unandisiya. Unatembenuka n'kutsika. Pa 1.0720 ndinagulanso 0.20 ina. Madzulo, ndili pakhonde magetsi atazima ndipo foni ikutha moto, ndinatseka zonse pa 1.0680. Oda yoyamba inataya mapipi 70, madola 140. Yachiwiri mapipi 40, madola 80. Madola 220 masana amodzi, ndipo gawo lalikulu linali la ngongole.

Usiku umenewo sindinagone. Chimene chinandiwawa kwambiri chinali kuuza mayi a kunyumba m'mawa mwake, chifukwa amene ankakaonekera pamaso pa gulu tsiku lobweza ndi iwo, osati ine. Ngongoleyo ndi chiwongoladzanja chake tinaibweza ndi ndalama za mpunga, ndipo ulendo wina wa ku Lifuwu ndinalephera kupita chifukwa chosowa mpamba, nthawi imene mpunga unali wotchipa. Phindu limene ndinaphonya pamenepo sililembedwa pa akaunti ya foreksi, koma linatuluka m'thumba lomweli.

Nditasiya kwa miyezi ingapo, ndinaika zithunzi za masiku awiri aja pamodzi, Lachinayi lija ndi Lachisanu lija. M'mphindi zisanu zoyambirira, awiriwa amafanana ndendende: mtengo wapyola zigwa mwaliwiro. Palibe munthu angakuuzeni pa nthawi imeneyo kuti uku ndi kusesa kapena kugumuka kwenikweni. Kusiyana kumaoneka pambuyo. Lachinayi mtengo unakhala pansi pa khoma kanthawi kochepa, kandulo n'kutseka pamwamba pake, mchira uli pansi. Lachisanu thupi la kandulo linatseka pansi, linatsatiridwa ndi lina, ndipo mtengo utabwerera kukhoma, khomalo linaukaniza kuchokera pansi. Lachisanu panalinso chifukwa chenicheni, nkhani yosintha maganizo a msika wonse pa dola, komanso tchati cha H4, cha maola anayi, chinali chikutsika kwa masiku, nsonga iliyonse yotsika kuposa inzake. Masitopu anasesedwadi tsiku limenelonso. Kungoti panalibe wogula wamkulu wowameza, ndiye anangokhala mafuta a kugwako. M'magulu mumaona zithunzi za masiku ngati Lachinayi okhaokha, chifukwa ndi zimene zimakongola. Nditabwerera m'mbuyo pa tchati n'kumalemba m'kope malo onse amene zigwa kapena nsonga zofanana zinapyoledwa, ndinapeza ambiri amene mtengo sunabwerere n'komwe.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chinandidyera ndalama ndisanachimvetse, makamaka pa nsonga zofanana. Tchati cha MetaTrader, pulogalamu yochitira malondawa, chimajambula mtengo wa Bid, umene umagulitsira. Koma ukagulitsa, malonda ako amatsekedwa pa mtengo wa Ask, wogulira, umene uli pamwamba pa Bid, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndiko sipuredi. Tsiku lina ndinagulitsa, sitopu losi pa 1.0912, ndinakagona. M'mawa ndinapeza andichotsa, chonsecho kandulo yaitali kwambiri inangofika 1.0909. Zinachitika cha m'ma 11 koloko usiku, nthawi imene tsiku la malonda limatha ku New York m'miyezi imeneyo ndipo sipuredi imakula. Itakula kufika mapipi 4, Ask inafika 1.0913. Umenewo sunali msampha wa aliyense. Yatsani mzere wa Ask pa tchati chanu, ndipo mukagulitsa, muwonjezere sipuredi pa mtunda wa sitopu losi.

Nthawi zimenezi muzidziwe m'mawotchi athu. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, London imatsegula 9 koloko m'mawa nthawi ya kuno. Miyezi inayo imatsegula 10 koloko. Ziwerengero zikuluzikulu za ku Amereka zimatuluka 2:30 masana, ndipo iwo akabweza mawotchi awo mu Novembala zimatuluka 3:30 mpaka mu Malichi. Michira yambiri imene inandichotsa inabwera pafupi ndi nthawi zimenezi, msika utakhala phee m'mawa wonse n'kupanga zigwa ndi nsonga zooneka bwino.

Ndinabwerera ndi madola 200, ndalama yangayanga, ndipo ndikuonetsani malonda amodzi mmene ndimachitira tsopano. Pa H1 panali nsonga ziwiri, 1.0950 ndi 1.0951, pamene H4 inali ikutsika. Sindinagulitse pansi pa nsongazo monga kale, sindinaikenso oda yodikira pamwamba pake. Ndinayang'ana kalendala ya nkhani, panalibe chachikulu tsiku limenelo. London itatsegula, mtengo unakwera kufika 1.0963. Ndinadikira kandulo ya M15 ithe. Inatseka pa 1.0944, pansi pa nsonga zija, mchira uli m'mwamba. Ndinadikirabe chinthu chachiwiri: kachigwa kakang'ono ka pa 1.0938, pamene kukwera komalizako kunayambira, kanayenera kupyoledwa ndi kandulo yotseka pansi pake, kusonyeza kuti ogula aja agonjadi. Zitachitika, mtengo unabwerera pang'ono m'mwamba ndipo ndinagulitsa pa 1.0945.

Sitopu losi ndinaiika pa 1.0967, mapipi 4 pamwamba pa nsonga ya mchira, osati pamwamba pa nsonga ziwiri zakale. Chifukwa chake n'chakuti mtengo ukapyolanso mchirawo, ganizo langa lonse lakuti anali kusesa ndiye kuti lalakwika, ndipo ndiyenera kutuluka. Mtunda unali mapipi 22. Kale ndinkayamba kusankha loti, kenako n'kufinyira sitopu losi pafupi kuti ndalama yotayika ioneke yochepa, ndipo n'chimene chinkaiika pakati pa khamu. Tsopano ndimayamba ndi malo a sitopu, loti ibwere pambuyo. Pa EURUSD, akaunti ili m'madola, masamu ake ndi awa, pamene risk ndi madola amene ndalola kutaya ndipo pips ndi mtunda wa sitopu:

```
lot = risk / (pips x 10)
2 / (22 x 10) = 0.009
```

Peresenti imodzi ya madola 200 ndi madola awiri, ndiye loti yake ndi 0.01, yaing'ono kwambiri imene bulokala wanga amalola. Ndikanaluza, akanapita madola 2.20. TP, oda yotseka malonda pa phindu, ndinaiika pa 1.0901, pamwamba pang'ono pa zigwa zina zofanana za pa 1.0895, chifukwa mulu wa maoda umene uli pansi pa zigwa zimenezo ungakoke mtengo, koma ndi pamenenso ungatembenukire. Inagunda madzulo. Mapipi 44, madola 4.40.

Inde, madola anayi ndi masenti 40, pambuyo podikira m'mawa wonse. Ndalemba nambalayi dala, chifukwa ndiyo kukula kwenikweni kwa phindu pa akaunti yaing'ono ngati simukufuna kuiotcha. Ndipo si nthawi zonse zimatha chonchi. Masiku ena mtengo umasesa, n'kutseka bwino, kenako n'kusesanso kachiwiri pamwamba pa mchira woyamba n'kundichotsa usanatsike. Masiku ena ndikamadikira kandulo itseke, mtengo umapita osabwereranso, ine n'kungouyang'ana. Kudikirako kumandichotsera malonda ena oipa, koma ndimalipira polowa mochedwa ndi pophonya ena abwino. Mu 2018 oyang'anira misika ya ku Ulaya anapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba pa malonda amtunduwu amataya ndalama, ndipo sindikhulupirira kuti kudziwa dzina la mchira kumamuchotsa munthu m'chiwerengero chimenecho. Ineyo ndalama zimene ndinataya, kuphatikizapo za maphunziro, sindinazibwezebe, ndipo lendi imalipiridwa ndi mpunga.

Achinyamata ambiri kuno amakonda golide, XAUUSD, chifukwa michira yake ndi yaitali ndipo kusesa kwake kumaoneka bwino pa chithunzi. Musanamukhudze, chitani masamu omwewa. Kwa mabulokala ambiri loti ya 0.01 ya golide ndi aunsi imodzi, kotero mtengo ukasuntha ndi dola imodzi, mwapeza kapena mwataya dola imodzi. Mchira wosesa nsonga zofanana pa golide ungatalike madola 6 kapena kuposa, ndipo sitopu losi yoikidwa kuseri kwake pa akaunti ya madola 200 ikhala ikuika pachiswe 3 peresenti kapena kuposerapo, ngakhale pa loti yaing'ono kwambiri. Loti simungaichepetsenso, ndiye chotsala ndi kufinya sitopu kuti ilowe m'kati mwa mchira, pamene masitopu a anthu onse ali. N'chifukwa chake golide ndinamuchotsa pa mndandanda wa pa foni yanga kufikira akaunti itakula.